Nsapato Zasiliva pa Msewu Wachikasu: Kodi Nthano ya Oz Inabisadi Mkangano wa Ndalama?

Pa 9 Julaye 1896, m'holo yaikulu ya mumzinda wa Chicago ku America, munadzaza anthu zikwizikwi a chipani cha Democratic omwe anabwera kudzasankha munthu wowaimira pa chisankho cha pulezidenti. Kunja kunkatentha, ndipo m'katimo anthu anali atatopa ndi zolankhula zazitali. Kenako pa nsanja panakwera loya wa zaka 36 wochokera ku Nebraska, dzina lake William Jennings Bryan. Analankhula za alimi, za ngongole ndi za golide. Pomaliza anagwira m'mbali mwa mutu wake ngati munthu wovekedwa chisoti chaminga, kenako n'kutambasula manja ngati wopachikidwa, akuuza eni mabanki kuti sadzaloledwa kupachika mtundu wa anthu pa mtanda wagolide. Holo yonse inangoti zii kwa kanthawi. Kenako kunabuka chiphokoso, anthu anamunyamula pamapewa, ndipo m'mawa mwake anamusankha.

Patatha zaka zinayi, mumzinda womwewo, kampani ya George M. Hill inasindikiza buku la ana lotchedwa The Wonderful Wizard of Oz. Analilemba ndi L. Frank Baum, zithunzi anajambula ndi W. W. Denslow. Ndi nkhani ya kamtsikana ka pafamu ku Kansas, Dorothy, komwe kamvulumvulu anakanyamula ndi nyumba yomwe n'kukakatula ku dziko lachilendo. Kumeneko kanavala nsapato zasiliva n'kuyamba kutsata msewu wa njerwa zachikasu, ulendo wopita ku Mzinda wa Emarodi kukapempha thandizo kwa wamatsenga wamkulu. Panjira kanatengana ndi chidole cha udzu choopsezera mbalame chomwe chinkafuna ubongo, munthu wachitini wodula mitengo yemwe ankafuna mtima, ndi mkango wamantha womwe unkafuna kulimba mtima.

Siliva akuponda pa golide, ulendo wa ku likulu.

Chithunzi chimenechi ndicho chapangitsa kuti kwa zaka zoposa 60 tsopano aphunzitsi a mbiri ndi zachuma aziuza ophunzira awo kuti bukuli ndi chiphiphiritso, ndiye kuti nthano ya ana pamwamba, mkangano wa ndalama wa 1896 pansi. Nkhaniyi imatuluka mwatsopano nthawi iliyonse dziko la Oz likabwereranso pa kanema, monga zinachitikira mu 2024 ndi filimu ya Wicked. Ine ndikuona kuti amene amati Baum anabisa dala uthenga wa chipani m'bukuli alibe umboni, ndipo umboni umene ulipo ukuwatsutsa. Koma amene amati m'bukuli mulibe ndale kapena chuma nawonso akulakwitsa. Zilimo, kungoti sizili pa nsapato pomwe ambiri amaloza chala. Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kuyamba taona chimene chinkawawa mlimi wa ku Kansas, chifukwa popanda kumvetsa ululu wakewo nkhani ya siliva imangooneka ngati mkangano wa anthu okonda zitsulo.

Wowerenga wa ku Malawi amadziwa bwino ululu wa ndalama yotha mphamvu. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense anaona shuga, sopo ndi feteleza zikukwera mtengo. Mlimi wa ku America wa zaka za m'ma 1880 ndi 1890 ankadwala matenda osiyana ndi amenewa: ndalama yake inkawonjezera mphamvu chaka ndi chaka. Mu 1873 nyumba ya malamulo ya dzikolo inachotsa dola yasiliva pa mndandanda wa ndalama zosulidwa mwaufulu, ndipo kuyambira 1879 dola inamangiriridwa ku golide yekha, pa mtengo wa madola 20.67 pa aunsi imodzi. Kuchuluka kwa ndalama m'dziko kunayamba kudalira kuchuluka kwa golide. Koma anthu ankachuluka, minda inkakula, mafakitale ankatulutsa katundu wambiri, ndipo mayiko ena a ku Ulaya monga Germany nawonso anali atasamukira ku golide, onse akulimbirana chitsulo chomwecho. Katundu akachuluka koma ndalama osachuluka, mitengo imatsika. Pakati pa 1880 ndi 1896 mitengo ya zinthu ku America inatsika ndi pafupifupi 23 peresenti.

Kutsika mitengo kumamveka ngati dalitso mpaka munthu atakhala ndi ngongole. Tiyerekeze mlimi amene anakongola madola 1,000 mu 1881, munda wake n'kuuika chikole. Chaka chimenecho tirigu ankagulidwa pafupifupi dola 1.19 pa muyezo wawo wa bushelo, womwe ndi makilogalamu 27.2. Kuti abweze ngongoleyo anafunika mabushelo 840, omwe ndi matumba pafupifupi 457 a makilogalamu 50. Pofika 1894 tirigu anali atagwa kufika pa masenti 49. Ngongole yomweyo, yolembedwa pa pepala lomwelo, tsopano inkafuna mabushelo oposa 2,000, kapena kuti matumba oposa 1,100, osawerengera chiwongoladzanja. Mlimiyo sanakongole china chilichonse, sanachite ulesi, koma katundu pamutu pake anawirikiza pafupifupi kawiri ndi theka. Wokongozayo, yemwe kawirikawiri anali banki kapena kampani ya kum'mawa kwa dzikolo, ankalandira ndalama zogula zinthu zambiri kuposa zimene anapereka. Kunena zoona, sikuti golide yekha ndiye anagwetsa tirigu chonchi. Minda ya ku Russia, Argentina, India ndi Australia inkathiranso tirigu wambiri pamsika wa dziko lonse, n'chifukwa chake tirigu anagwa kwambiri kuposa zinthu zina. Koma mlimi sankatha kuletsa Argentina kulima. Chomwe ankatha kufikira ndi voti yake chinali lamulo la ndalama.

Pamwamba pa ngongole panabwera chilala kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, ndipo mabanja ambiri anasiya minda kumadzulo kwa Kansas. Chaka chimene mvula inagwa bwino, 1889, chimanga chinatsika mtengo mpaka ena anayamba kuchikoleza pamoto m'malo mwa malasha. Makampani a njanji, omwe m'madera ambiri analibe wopikisana naye, ankalipiritsa mmene afunira. Mkwiyo umenewu unabala chipani cha People's Party, chomwe mu 1892 chinapeza mavoti oposa miliyoni imodzi pa chisankho cha pulezidenti. Chaka chotsatira mabanki mazanamazana anagwa, mafakitale anatsekedwa, ndipo mu 1894 wamalonda wina wa ku Ohio, Jacob Coxey, anatsogolera gulu la anthu osowa ntchito pa ulendo wapansi wopita ku Washington kukapempha boma kuti liwapatse ntchito yomanga misewu. Atafika, apolisi anamumanga pa mlandu woponda kapinga wa pa nyumba ya malamulo.

Mankhwala amene Bryan ankalalikira anali osavuta kuwamva. Boma lilole aliyense kubweretsa siliva kuti asulidwe kukhala ndalama, pa muyezo wakuti maaunsi 16 a siliva afanane ndi aunsi imodzi ya golide. Pamsika, nthawi imeneyo, golide wa aunsi imodzi ankasinthidwa ndi siliva wa maaunsi pafupifupi 30. Kutanthauza kuti siliva wa masenti pafupifupi 53 akanasanduka dola yathunthu, ndalama zikanachuluka, mitengo ikanakwera, ndipo ngongole ya mlimi ikanapepuka. Otsutsa ankati kumeneko n'kubera wokongoza masana dzuwa likuwala, ndipo ankachenjeza wogwira ntchito m'fakitale kuti malipiro ake adzagula buledi wochepa. Wa chipani cha Republican, William McKinley, mothandizidwa ndi ndalama zankhaninkhani zimene Mark Hanna anasonkhanitsa kwa amalonda akuluakulu, anapambana ndi mavoti 271 a nthumwi zosankha pulezidenti, Bryan n'kupeza 176. Mu Malichi 1900, chaka chomwe bukuli linatuluka, lamulo linakhazikitsa golide kukhala maziko okhawo a dola.

Munthu woyamba kulumikiza mbiri imeneyi ndi nthano ya Dorothy anali mphunzitsi wa kusekondale ku New York, Henry Littlefield. Ankafuna njira yoti ana a m'kalasi mwake asagone pophunzira za chisankho cha 1896, ndipo mu 1964 anasindikiza maganizo akewo m'magazini ya American Quarterly. Malinga ndi kuwerenga kwake, chidole cha udzu ndi mlimi, yemwe anthu a m'tauni ankamuyesa mbuli koma panjira ndiye amapeza nzeru yotulukira m'mavuto. Munthu wachitini ndi wantchito wa m'fakitale: mfiti ya kum'mawa inalodza nkhwangwa yake kuti izimudula chiwalo chimodzichimodzi, mmisiri n'kumamuika chachitini, mpaka anasanduka makina opanda mtima, ndipo Dorothy amamupeza atauma ndi dzimbiri kwa nthawi yoposa chaka, ngati mafakitale a 1893. Mkango wobangula kwambiri koma wosaluma ndi Bryan. Ulendo wawo wapansi wokapempha kwa wamkulu ndi ulendo wa Coxey. Wamatsenga ndi pulezidenti aliyense wa nthawiyo. Mfiti ya kumadzulo imafa ndi ndowa ya madzi, chinthu chimene minda youma ya kumadzulo inkalira. Ndipo pamapeto Dorothy amauzidwa kuti nsapato zasiliva zikanatha kumubwezera kwawo kuyambira tsiku loyamba, akanadziwa mphamvu yake. Ambiri sadziwa za silivayu chifukwa filimu yotchuka ya 1939 inasintha nsapatozo kukhala zofiira, kuti ziwale bwino pa kanema wa mitundu yemwe anali wachilendo nthawiyo.

Kuwerenga kumeneku n'kokoma, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene kunakuwononga. Anthu obwera pambuyo anapitiriza kuwonjezera. Wina anaona kuti dzina lakuti Oz ndi chidule cha aunsi m'Chingerezi, muyezo wa golide ndi siliva. Mu 1990 katswiri wa mbiri ya zachuma, Hugh Rockoff, analemba nkhani yaitali mu Journal of Political Economy momwe mfiti ya kum'mawa inakhala Pulezidenti Grover Cleveland, ya kumadzulo McKinley, wamatsenga Mark Hanna, kagalu Toto n'kuimira gulu lodana ndi mowa. Ngakhale makonde 7 ndi masitepe atatu amene Dorothy amadutsa m'nyumba yachifumu anasanduka chaka cha 1873. Apa pakuoneka chizindikiro choyamba chakuti china chake chalakwika. Ngati wamatsenga yemweyo angakhale pulezidenti kwa wowerenga uyu, Hanna kwa uyo, ndipo McKinley angakhale wamatsenga lero, mfiti mawa, ndiye kuti loko ameneyu akutseguka ndi kiyi aliyense. Buku la mitu 24, lodzaza ndi mitundu, manambala ndi zinyama, likaikidwa pambali pa zaka 30 za ndale zodzaza ndi mayina, zofanana sizingalephere kupezeka. Zimene sizikugwirizana, monga dziko la anthu adothi osweka msanga kapena mitengo yomenya anthu, zimangodumphidwa kapena kukakamizidwa.

Chizindikiro chachiwiri ndi moyo wa mlembi mwini. Littlefield anadalira nkhani yakuti Baum ankayenda nawo pa zionetsero za Bryan, nkhani yochokera m'buku la mbiri yake lomwe mwana wake analemba nawo patapita zaka zambiri bamboyo atamwalira. Koma ofufuza, makamaka Michael Patrick Hearn, anapeza zina. Nyuzipepala imene Baum ankayendetsa ku Aberdeen, m'dera la Dakota, mu 1890 ndi 1891, inali kumbali ya chipani cha Republican. Ndipo m'chaka chenicheni cha mkanganowo, 1896, Baum anasindikiza ndakatulo m'nyuzipepala ya Chicago Times-Herald yoyamikira McKinley ndi kulonjeza kuti zinthu zidzayenda bwino akalowa m'boma. Za dzina lakuti Oz, iye mwini ankati analitenga pa kabati ya mafayilo yolembedwa zilembo O mpaka Z. M'mawu oyamba a bukuli ananena kuti cholinga chake ndi kusangalatsa ana basi, popanda zoopsa ndi ziphunzitso za nthano zakale. Mu 1992 Littlefield mwiniwake analembera nyuzipepala ya New York Times kuvomera kuti palibe umboni wakuti Baum ankatsatira maganizo a chipani cha alimicho.

Wina anganene kuti wobisa mawu sauza anthu kuti wabisa, choncho kukana kwa Baum sikutsimikizira kanthu. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo Amalawi amaidziwa kuposa anthu ambiri. Pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene bungwe lounika mabuku linkawerenga chilichonse chisanafike kwa anthu, alakatuli ankalankhula kudzera mwa nyama ndi mizimu. Jack Mapanje anatcha buku lake la 1981 Of Chameleons and Gods, ndipo ngakhale anasintha khungu ngati bilimankhwe, mu 1987 anatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu. Koma chitsanzo chomwechi chikuonetsa zinthu ziwiri zimene chiphiphiritso chenicheni chimakhala nazo. Choyamba, pamakhala chifukwa chobisira, chomwe ndi mantha. Chachiwiri, anthu a nthawiyo amamva chimene chikunenedwa, apo ayi kubisako n'kopanda ntchito. Ku Chicago mu 1900 kunalibe choopa pa nkhani ya siliva. Kabuku ka William Harvey kotchedwa Coin's Financial School, kolalikira siliva poyera ndi zithunzi zomwe, kanasindikizidwa mumzinda womwewo mu 1894 ndipo kanagulidwa makope zikwi mazanamazana. Komanso anthu amene anavota mu 1896, omwe mawu akuti 16 kwa 1 ankawamva tsiku ndi tsiku, anawerengera ana awo bukuli, manyuzipepala analiunika, ndipo ofufuza sanapeze ngakhale mmodzi amene analemba kuti waonamo Bryan. Panatenga zaka 64, Baum atamwalira kale mu 1919, kuti wina aone.

Palinso umboni wakuti Baum akafuna kuseka andale sankazungulira. Sewero la nyimbo la Oz la 1902, lomwe linapangidwira akuluakulu, linali ndi nthabwala zotchula anthu otchuka a nthawiyo ndi mayina awo. M'buku lachiwiri la Oz, la 1904, gulu lankhondo la atsikana lotsogozedwa ndi Jinjur limalanda mzinda, ndipo n'zosavuta kuona kuti akunena za amayi omenyera ufulu wovota, nkhani yomwe Baum ankaidziwira pakhomo, popeza apongozi ake, Matilda Joslyn Gage, anali mmodzi mwa atsogoleri a gululo. Ndipo amene amamujambula ngati mneneri wa oponderezedwa ayenera kukumbukira kuti ku Aberdeen, mu Disembala 1890 ndi Januwale 1891, Baum analemba nkhani ziwiri zoitanitsa kuti eni nthaka a ku America afafanizidwe. Nkhani zimenezo ndi zonyansa, ndipo sanazibise m'nthano. Anazilemba poyera m'nyuzipepala yake.

Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani kuwerenga kwa Littlefield kumakwanira bwino chotere? Yankho lomwe ndikuliona lolimba ndi lakuti mlembi amatunga m'chitsime chimene anthu a m'mudzi mwake akumwa. Baum anakhala ku Dakota kuyambira 1888 mpaka 1891, pa nthawi ya chilala. Sitolo yake inagwa, mwa zina chifukwa chokongoza anthu omwe sanathe kubweza, ndipo nyuzipepala yake inagwanso. Kansas wa m'mutu woyamba wa bukuli, momwe udzu, nyumba ndi nkhope za Aunt Em ndi Uncle Henry, omwe akulera Dorothy, zonse zachita mbuu ngati phulusa, ndi dziko limene analiona ndi maso. Denslow anali wojambula wa m'manyuzipepala, ndipo zithunzi zoseka andale za nthawiyo zinali zodzaza ndi mikango, zidole za m'munda ndi akamvulumvulu. Munthu wokhala ku Chicago m'zaka zimenezo sakanatha kuika siliva pafupi ndi chikasu popanda mawu a pamsewu kumveka chapansipansi, kaya afune kaya asafune. Kumeneku sikubisa uthenga. Ndi nthawi kulowa m'nthano monga utsi ulowera m'zovala za munthu wokhala pafupi ndi moto. Kusiyana kwake n'kofunika, chifukwa uthenga wobisika umakhala ndi mbali yomwe ukuikira kumbuyo, pamene utsi ulibe mbali. N'chifukwa chake nsapato zasiliva, zitamufikitsa Dorothy kwawo, zimavuka m'njira n'kugwera m'chipululu osapezekanso, zomwe wolalikira siliva sakanalemba mosavuta.

Malo amene bukuli likulankhuladi za chuma, ndi mawu a Baum mwini, ali pa chipata cha Mzinda wa Emarodi. Aliyense wolowa amavekedwa magalasi obiriwira, omangidwa kumbuyo kwa mutu ndi timalamba tagolide, ndipo mlonda amawakhoma ndi kiyi. Chifukwa chimene amapereka n'chakuti kuwala kwa mzindawo kungachititse khungu. M'katimo zonse n'zobiriwira: nyumba, anthu, maswiti, ngakhale timakobidi timene ana akugulira chakumwa. Dorothy amapatsidwa diresi yobiriwira, koma atatuluka mumzinda n'kuvula magalasi, amapeza kuti ndi yoyera. Pambuyo pake Toto amagwetsa chotchinga m'chipinda chachifumu, ndipo wamatsenga woopsa uja, yemwe anaoneka ngati chimutu chachikulu kwa uyu, mkazi wokongola kwa uyo, chilombo kwa wina ndi mpira wamoto kwa winanso, amapezeka kuti ndi kankhalamba kadazi kochokera ku Omaha, komwe kale kankakwera chibaluni kuitanira anthu ku masewero. Iye amavomera kuti mzindawo si wobiriwira kuposa mizinda ina. Anthu avala magalasiwo nthawi yaitali mpaka akukhulupirira.

Pamenepa sipafunika kiyi wa wina aliyense, chifukwa mbiri ya Baum ikuchitira umboni. Ali ku Aberdeen analembapo nthabwala ya mlimi amene, udzu utasowa, anaveka mahatchi ake magalasi obiriwira kuti adye zopalidwa za matabwa poganiza kuti ndi msipu. Atasamukira ku Chicago mu 1891 anaona chionetsero chachikulu cha 1893, mzinda woyera wonyezimira womwe nyumba zake zambiri zinali za pulasitala wongomatira, wotsegulidwa chaka chomwe mabanki ankagwa. Anagwira ntchito yoyendayenda kugulitsa mbale ndi makapu, ndipo mu 1897 anayambitsa magazini yotchedwa The Show Window, yophunzitsa eni sitolo kukongoletsa mawindo kuti wodutsa aime, akhumbire, alowe. Munthu ameneyu ankadziwa kuchokera m'kati kuti mtengo wa chinthu umadalira kwambiri diso la wochiona. Wamatsenga wake ndi munthu wa ntchito yomweyo. Wolemba mbiri William Leach, m'buku lake la 1993 lonena za kubadwa kwa masitolo akuluakulu ku America, anawerenga Oz motere, ndipo umboni uli kumbali yake kuposa kumbali ya siliva.

Chomwe chimavutitsa maganizo n'chakuti bukuli silimudzudzula kwenikweni kathyali ameneyu. Atagwidwa, amapatsa chidole ubongo wa gaga wosakaniza ndi mapini ndi singano, munthu wachitini amamuika mtima wansalu wodzaza utuchi, mkango amaumwetsa zamadzimadzi za m'botolo lobiriwira, ndipo onse atatu amachoka okhutira, popeza zimene ankapemphazo anali nazo kale. Anthu a mumzinda, pansi pa bodza lake, akukhala mwamtendere ndipo amamukonda. Bodza lake limalephera pa munthu mmodzi yekha, Dorothy, chifukwa iye sakufuna kudzimva bwino, akufuna kufika ku Kansas, ndipo mtunda sumva matsenga a m'maso. Ngati m'bukuli muli phunziro la zachuma, lili pa malire amenewa. Chikhulupiriro chingathe kuyendetsa ndalama yapepala ndi kudzaza sitolo, ndipo pamenepo mbali zonse ziwiri za mkangano wa 1896 zinali ndi magalasi awo, popeza golide nayenso mphamvu yake yambiri inali m'mitima ya omukhulupirira. Koma chikhulupiriro sichigwetsa mvula, ndipo sichifafaniza siginecha pa pepala la ngongole. Baum anabwereranso ku pepala limenelo mu 1910, m'buku la The Emerald City of Oz. Mmenemo Uncle Henry, yemwe anaika famu chikole kuti amangenso nyumba imene kamvulumvulu anatenga, walephera kubweza ndipo famuyo ili pafupi kulandidwa. Njira yokha imene mlembi anawapezera ndi kuwasamutsira ku Oz, dziko lomwe pofika m'mabuku amenewa silikugwiritsanso ntchito ndalama. Apa ngongole ya mlimi yatchulidwa ndi dzina lake, popanda chophimba, ndipo mankhwala ake si siliva.

Otsutsa ena amati zonsezi zilibe kanthu, popeza nthano ya siliva imathandiza ana kukumbukira mbiri, ndipo buku likatuluka m'manja mwa mlembi limakhala la owerenga. Gawo lachiwirili ndikuvomereza. Littlefield anali ndi ufulu wonse wogwiritsa ntchito Dorothy pophunzitsa, ndipo anachita bwino. Vuto limabwera pamene mphunzitsi wasiya kunena kuti bukuli tingaliwerenge motere, n'kuyamba kunena kuti Baum analemba motere, chifukwa pamenepo mwana akuphunzitsidwa chinthu chabodza chokhudza munthu weniweni, m'kalasi yomwe ntchito yake ndi kusiyanitsa umboni ndi mphekesera. Komanso fanizoli limabisa chinthu chachikulu kwambiri pa chisankho chimene likufuna kufotokoza. M'nthano, mlimi ndi wantchito akuyenda limodzi, wina akagwa mnzake amamudzutsa. Mu 1896 sanayende limodzi. Antchito ambiri a m'mizinda ya kumpoto, omwe ankalandira malipiro okhazikika ndipo ankagula chakudya chimene mlimi ankafuna chikwere mtengo, anavotera McKinley. Wophunzira amene wasunga chithunzi cha abwenzi anayi pa msewu umodzi sangamvetse chifukwa chake Bryan analuza.

Mapeto a mkanganowo nawonso mulibe m'nthano. Mitengo inayambadi kukwera pambuyo pa 1896, ndi pafupifupi 35 peresenti pofika 1910, ndipo ngongole za alimi zinapepuka monga Bryan ankafunira, koma popanda siliva. Chimene chinachitika n'chakuti golide anachuluka. Anapezeka ku Klondike m'dziko la Canada mu 1896, ndipo koposa zonse anatuluka m'migodi ya Witwatersrand ku South Africa, yomwe inatsegulidwa mu 1886. Miyala ya kumeneko ili ndi golide wochepa womwazikana, ndipo inayamba kupindulitsa kwambiri pamene njira yosungunula golide ndi mankhwala a sayanaidi, yotulukiridwa ku Glasgow mu 1887, inafika ku migodiyo. Katswiri wa zachuma Milton Friedman, ataunika nkhaniyi patapita zaka pafupifupi 100, anagamula kuti lamulo la 1873 linalidi cholakwika, koma kuti pofika 1896 nthawi yolikonza ndi siliva inali itadutsa. Mpumulo wa mlimi wa ku Kansas unakumbidwa pansi pa nthaka ya Joni, ndi amuna akuda olipidwa pang'ono ochokera kum'mwera kwa Mozambique ndi madera ena, ndipo m'zaka zotsatira Wenela inayamba kutenganso anyamata a ku Nyasaland kupita nawo ku migodi yomweyo.